Mlomo, Mapazi ndi Kaimidwe: Kuzindikira Mbalame pa Chithunzi

M'Malawi muno muli mitundu ya mbalame yoposa 600, koma ambiri a ife tikati tiwerenge imene timaidziwa ndi dzina, sitifika ngakhale pa 30. Masiku ano anthu ambiri ali ndi foni yojambula, choncho si zachilendo kuti mwana wa sukulu abwere ndi chithunzi kwa mphunzitsi wake n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi iyi ndi mbalame yanji?" Ife amene tikuphunzira ntchito ya uphunzitsi funso limeneli likutidikira m'kalasi. Yankho lake nthawi zina limakhudza moyo wa mbalameyo, pakuti kumudzi mbalame ikangotchulidwa kuti ndi yogwira anapiye, anyamata amayamba kukonza malegeni.

Tikapatsidwa chithunzi, maso athu amathamangira ku mtundu wa nthenga. Tsoka ilo, nthenga ndizo zimasintha kwambiri pa thupi la mbalame. Tchete wamwamuna amawala chikasu m'nyengo ya dzinja pamene akuluka zisa, koma mitundu yambiri ya atchete ikatha nyengo yoswana imavala nthenga zotuwa ngati za mpheta. Mwana wa mbalame kawirikawiri safanana ndi make. Kuwala kwa dzuwa nakonso kumanamiza: mbalame yoyera imene yajambulidwa dzuwa lili kumbuyo kwake imaoneka yakuda bii. Mlomo ndi mapazi sizisintha chotere, chifukwa ndizo zida zimene mbalame imadyera ndi kuyendera tsiku ndi tsiku. M'phunziro lino tiziona mlomo, mapazi ndi kaimidwe ngati mboni zitatu pa mlandu. Tizifunsa mboni iliyonse payokha, ndipo tizigamula pokhapokha zitatuzo zikagwirizana.

Tisanafunse mboni

Chithunzi sichinena kukula kwa chinthu. Kambalame kochepa ngati chibakera kakhoza kudzaza chithunzi chonse, pamene mbalame yaikulu ngati tsekwe ikhoza kuoneka ngati kadontho. Ndiye poyamba tifufuze chinthu chimene tikudziwa kukula kwake pafupi ndi mbalameyo: njerwa, waya wa magetsi, tsamba la mango, chitsononkho kapena mwendo wa ng'ombe. Tikatero tiyerekeze mbalameyo ndi zitatu zimene tonse timazidziwa, mpheta, njiwa ndi nkhuku. Kungonena kuti ndi yaikulu kuposa nkhuku kwatichotsera kale mazana a mitundu pa mndandanda wathu.

Chachiwiri, tifunse wojambulayo malo ndi mwezi umene anajambula. Mbalame zina zimabwera kuno kwathu nthawi ya mvula yokha kuchokera ku Ulaya ndi ku Asiya, ndipo zina sizichoka m'mbali mwa madzi. Malo ndi nyengo sizitchula dzina la mbalame, koma zimatithandiza kukana mayina amene sangatheke.

Mboni yoyamba: mlomo

Mbalame ilibe manja ndiponso ilibe mano. Ntchito imene ife timagwira ndi mpeni, supuni, mtondo ndi mbedza, iyo imagwira ndi mlomo umodzi. N'chifukwa chake kapangidwe ka mlomo kamatiuza zambiri za chakudya chake.

Pa chithunzi, mlomo timauyeza pouyerekeza ndi mutu wa mbalame yomweyo. Tiike rula pa chithunzi, tiyeze kuchokera pamene mlomo wayambira kufika kunkhongo, kenaka tiyeze mlomowo. Mpheta ili ndi mlomo waufupi kuposa mutu, wonenepa kutsinde ndi wosongoka kunsonga, woyenera kuswa njere za udzu ndi mapira. Choso, kambalame koyamwa timadzi ta m'maluwa, kali ndi mlomo woonda, wautali ndi wopindikira pansi, umene umalowa mkati mwa duwa. Kakowa ali ndi mlomo wowongoka ngati mkondo, wotolera ndi kubaya tinyama toyenda. Nkhwazi ndi mphamba zili ndi mlomo wokhota kunsonga ngati mbedza, wong'ambira nyama.

Koma mboni iyi payokha ikhoza kutisocheretsa. Chinkhwe ali ndi mlomo wokhota kwambiri, chonsecho amadya zipatso ndi njere, ndipo kukhotako kumamuthandiza kuswa makoko olimba ndi kukwera m'nthambi. Wongoona mlomo wokha akhoza kumuika chinkhwe m'gulu la mbalame zolusa. Apa m'pamene timaitana mboni yachiwiri.

Mboni yachiwiri: mapazi

Pa mapazi tiyang'ane zinthu zitatu: mmene zala zayalidwira, zikhadabo, ndi mwendo weniweniwo ngati uli ndi nthenga kapena uli pambalambanda.

Mbalame zambiri zimene zimatera m'mitengo, monga pumbwa ndi khwangwala, zili ndi zala zitatu zoloza kutsogolo ndi chimodzi choloza kumbuyo, zonse pa mzere umodzi kuti zigwire nthambi bwino. Chinkhwe ndi gogomole ali ndi zala ziwiri kutsogolo ndi ziwiri kumbuyo, kapangidwe kothandiza kukakamira pa thunthu la mtengo. Nkhuku, nkhanga ndi nkhwali zili ndi zala zonenepa ndi zikhadabo zobuntha zopalasira dothi, ndipo chala chakumbuyo ndi chachifupi, chokwera m'mwamba pang'ono. Bakha ali ndi nembanemba yolumikiza zala zitatu zakutsogolo, yopalasira madzi. Mbalame zolusa zili ndi zikhadabo zazitali, zokhota ndi zakuthwa, pakuti zambiri mwa izo zimagwira ndi kupha nyama ndi mapazi, mlomo n'kumangotsiriza ntchito yong'amba.

Tsopano nkhani ya chinkhwe yamveka. Mlomo wokhota pamodzi ndi zala ziwiri kutsogolo, ziwiri kumbuyo ndi miyendo yaifupi yokwerera m'nthambi, ndiye chinkhwe. Mlomo wokhota pamodzi ndi zikhadabo zonga mbedza, ndiye mbalame yolusa. Mboni yachiwiri yawongola zimene yoyamba inasiya zokhota.

Mboni yachitatu: kaimidwe

Chithunzi chimaimitsa mbalame pa kamphindi kamodzi, komabe kamphindi komweko kamaonetsa chizolowezi chake. Tijambule mzere m'maganizo kuchokera kumutu kufika kumchira. Ngati mzerewo waima chilili, ndipo mbalameyo yakhala pa nsonga ya mtengo pamene palibe masamba, nthawi zambiri ndi mlenje wodikira, amene amakhala phee kuyang'ana pansi kapena m'mwamba kenaka n'kulumphira chakudya. Mnthengu amachita chomwechi pa waya kapena pa nthambi youma podikira tizilombo touluka. Ngati mzerewo wagona chopingasa, mutu uli kutsogolo, mbalameyo ndi yofuna chakudya ikuyenda, monga nkhanga. Gogomole amakakamira pa thunthu mutu uli m'mwamba, atatsamira pa mchira wake wolimba ngati mpando. Lumbe amagona chafufumimba pansi kapena motsatira utali wa nthambi, chifukwa miyendo yake ndi yaifupi ndipo masana ndi nthawi yake yobisala.

Pa kaimidwe tionenso pamene nsonga za mapiko zathera poyerekeza ndi nsonga ya mchira. Chizindikiro chimenechi ambiri sachilabadira, koma posachedwa tiona kuti chimatha kumasula mlandu wonse.

Tiyeni tizenge mlandu umodzi

Tiyerekeze kuti mwana wa Fomu 2 watibweretsera chithunzi chimene mlongo wake anajambula ku Senga Bay m'boma la Salima, mwezi wa Novembala. Pa chithunzipo pali mbalame yatera pa nthambi youma ya mtengo waukulu, kumbuyo kukuoneka nyanja. Mbalameyo ndi yoderako, nthenga zake zasokonekera ngati chovala chazigamba, pachifuwa pali mawangamawanga oyera ndi mizere yakuda. Anzake a mwanayo agawanika. Ena akuti ndi mphamba wogwira anapiye, ena akuti ndi chiwombankhanga. Palibe amene watchula nkhwazi, chifukwa nkhwazi imene onse amaidziwa, ya pa chizindikiro cha dziko lathu ndi pa mbendera ya Zambia, ili ndi mutu woyera mbee, chifuwa choyera ndi mimba yofiirira.

Tiyamba ndi kukula. Nthambi imene mbalameyo yaterapo ndi yonenepa ngati mkono wa munthu wamkulu, ndipo zala zake zaizinga pafupifupi theka. Masamba a nthambi yoyandikana nayo akuoneka aang'ono zedi pafupi ndi thupi lake. Mbalameyi ndi yaikulu kuposa tambala.

Mlomo ukuoneka bwino chifukwa mbalameyo yayang'ana chammbali. Pa rula, mutu ukukwana mamilimita 24 ndipo mlomo 14, kusonyeza kuti mlomo wapitirira theka la mutu. Ndi wokhuthala kuchokera kumwamba kufika pansi, ndipo mbedza yake yakunsonga ndi yaikulu. Mboni yoyamba ikuti iyi ndi mbalame yodya nyama, ndipo nyama yake ndi yofunika mphamvu poing'amba. Mphamba uja wa mchira wamphanda, amene m'madera ena amati kamtema kapena kabawi, ali ndi kamutu kochepa ndi kamlomo kakang'ono poyerekeza ndi thupi lake. Dzina lake layamba kale kukayikitsa.

Tikakulitsa chithunzi pa mapazi tiona zala zonenepa ndi zikhadabo zakuda zazitali, zitatu kutsogolo, chimodzi kumbuyo. Chofunika kwambiri n'chakuti chigawo cham'munsi cha mwendo chilibe nthenga, chili ndi khungu lamamba basi. Ziwombankhanga zenizeni, zimene zimagwira nkhanga ndi akalulu kutchire, zili ndi nthenga mwendo wonse mpaka pamene zala zayambira, ngati zavala buluku. Mboni yachiwiri yachotsa chiwombankhanga. Mwendo wopanda nthenga ndi woyenera mbalame imene imaviika mapazi m'madzi kawirikawiri, ngakhale kuti si mbalame zonse za miyendo yotere zimene zimadya nsomba.

Kaimidwe kakutipatsa umboni womaliza. Mbalameyo yaima chilili pa nthambi yoonekera, moyang'anizana ndi madzi. Mchira wake ndi waufupi kwambiri, mwakuti nsonga za mapiko zafika pa nsonga ya mchira n'kupitirira pang'ono. Kachigawo ka mchira kamene kakuoneka ndi koyererako, ndi mzere wakuda kunsonga. Mphamba ali ndi mchira wautali wamphanda, wopitirira kapena wofanana ndi mapiko ake aatali, ndipo thupi lake ndi lowonda. Mlandu wa mphamba watheratu.

Tisanagamule, tiyenera kuyesa mbalame zina ziwiri zimene zili ndi miyendo yopanda nthenga ndipo zikhoza kupezeka pamalo otere. Yoyamba ndi mbalame yolusa yodera imene imadya njoka. Nayonso imaima chilili pa nsonga za mitengo, koma mutu wake ndi waukulu, wobulungira ngati wa kadzidzi, maso ake ndi achikasu owala, ndipo zala zake ndi zazifupi. Ya pa chithunzi chathu ili ndi maso oderako ndi mutu wotalikira kutsogolo. Yachiwiri ndi mbalame yodya nsomba imene Angerezi amaitcha osipure, yomwe imabwera kuchokera ku Ulaya m'miyezi ya mvula, ndipo mu Novembala ikhoza kupezeka pa nyanja yathu. Koma iyo ndi yocheperapo, mimba yake ndi yoyera, ndipo ili ndi mzere wakuda wodutsa pa diso ngati yamanga kansalu kumaso. Chithunzi chathu chilibe mzere wotere.

Mboni zonse zitatu zagwirizana, ndipo malo akuvomereza. Mbalameyi ndi nkhwazi yaing'ono, imene sinafike pa msinkhu. Nkhwazi imatenga zaka pafupifupi 5 kuti ivale nthenga za ukulu zimene timazidziwa, ndipo pa zaka zimenezi imasintha maonekedwe pang'onopang'ono, kuyera kukuwonjezeka chaka ndi chaka. Nthenga zinabisa dzina lake, koma mlomo, mapazi ndi mchira zinali kale za nkhwazi.

Zimene tinganene za moyo wake

Dzina tapeza, koma phindu lalikulu kwa mwana wa sukulu ndi kuona mmene ziwalozi zimagwirira ntchito pamodzi. Nkhwazi imatha gawo lalikulu la tsiku itakhala pa mtengo m'mbali mwa madzi, ndipo kuima chilili pamalo oonekera kumaipatsa mwayi woona nsomba imene yayandama pafupi ndi pamwamba pa madzi. Ikaiona imatsika chotsetsereka, imaponya mapazi kutsogolo, imakola nsombayo ndi zikhadabo n'kukwera nayo, kawirikawiri thupi lake osamira. Kunsi kwa zala zake kuli timinga tokhakhala timene timagwira nsomba yoterera ngati mlamba kuti isapulumuke. Timingati sitioneka pa zithunzi zambiri, koma tikudziwa kuti tilipo dzina likadziwika. Ikafika pa mtengo imaponda nsombayo ndi phazi n'kumaing'amba ndi mlomo wokhuthala uja.

Nkhwazi yaikazi ndi yaikulu kuposa yaimuna. Yaikazi imalemera makilogalamu opitirira 3, yaimuna pakati pa 2 ndi 2.5, ndipo mapiko ikawatambasula amafika mamita 2 kapena kupitirira pang'ono. Ikakola nsomba yolemera kwambiri moti singauluke nayo, imaikoka pamwamba pa madzi, nthawi zina n'kumapalasa ndi mapiko mpaka kumtunda.

Tsono funso la anapiye lija tiliyankha bwanji? Chakudya chachikulu cha nkhwazi ndi nsomba, ndipo moyo wake uli kumadzi. Yozungulira pamwamba pa mudzi kufuna anapiye kawirikawiri ndi mphamba ndi tiakabawi tina tating'ono taliwiro. Komabe tisauze ana kuti nkhwazi imadya nsomba zokha. Imagwiranso mbalame za m'madzi, imalanda nsomba kwa mbalame zinzake, ndipo imadya nyama yakufa, makamaka zazing'ono ngati iyi zimene sizinazolowere kusodza. Ziwalo zimatiuza ntchito imene mbalame imaitha bwino koposa, koma njala ikavuta mbalameyo imadya zimene yapeza.

Pamene mboni zimaperewera

Chitsanzo chabwino cha malire a njira imeneyi ndi kakowa. Mlomo wake wonga mkondo, khosi lake ndi miyendo yake yaitali zikunena kuti ndi wa banja la mbalame zosodza m'madambo, ndipo n'zoona. Koma aliyense amene anawetako ng'ombe akudziwa kuti kakowa amatha tsiku lonse kubusa, kutola ziwala ndi tizilombo tina timene ng'ombe zavumbulutsa poyenda mu udzu. Tikanangodalira mlomo ndi miyendo tikanalemba kuti amadya nsomba. Chotiwongolera pa chithunzi ndi zimene zamuzungulira: udzu wouma, ziboda za ng'ombe, ndi kaimidwe koyenda mutu uli kutsogolo. Choncho polemba za chikhalidwe cha mbalame kuchokera pa chithunzi chokha, tigwiritse ntchito mawu akuti "zikusonyeza kuti," mpaka titaiona ikudya kapena titawerenga za mtundu wakewo.

Chithunzi chenichenicho nacho chili ndi misampha yake. Mbalame ikayang'ana kamera mwachindunji, mlomo wautali umaoneka waufupi, ndiye kuyeza kwathu kwa rula kumagwira ntchito pokhapokha mutu uli chammbali. M'mawa wozizira wa mwezi wa Juni mbalame imafufumitsa nthenga, n'kuoneka yonenepa, ya khosi lalifupi, ndipo nthenga za pamimba zimatha kuphimba miyendo. Pamenepa nkhwazi imene yakhala chonyonyomala ikhoza kuoneka ngati ili ndi nthenga mpaka kuzala, ife n'kuitcha chiwombankhanga. Tingadziwe kuti zatero ngati mwendo sukuoneka konse, zala zikungotulukira pansi pa mimba. Zikatero mboni ya mwendo sinalankhule, ndipo tisaiikire mawu m'kamwa. Matope amasintha mtundu wa miyendo ndi mlomo. Mbalame yoima ndi mwendo umodzi nthawi zambiri ikungopuma, si yolumala. Yoyasamula mlomo masana a mwezi wa Okutobala ikudziziziritsa, sikuti ikulira.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati mboni imodzi yabisika, yankho loona ndi kutchula gulu lokha, monga kunena kuti ndi mbalame yolusa yaikulu ya m'mbali mwa madzi, n'kupempha chithunzi china choonetsa miyendo ndi mchira. Mphunzitsi amene wayankha chotere waphunzitsa mwana kusiyanitsa zimene waona ndi zimene akungoganiza.

Ntchito yoti tichite

Sabata ino aliyense wa ife ajambule mbalame imodzi ya pafupi ndi kumene amagona, mutu wake uli chammbali ndipo mapazi akuoneka. Tisinthane zithunzizo awiriawiri popanda kuuzana dzina. Wolandira alembe mizere isanu motsatana: kukula kwake poyerekeza ndi mpheta, njiwa kapena nkhuku, utali ndi kapangidwe ka mlomo poyerekeza ndi mutu, mayalidwe a zala ndi mtundu wa zikhadabo, kaimidwe ndi pamene mapiko athera pa mchira, ndipo pomaliza chakudya chimene akuganiza kuti imadya. Mtundu wa nthenga ulembedwe mizere isanuyi itatha. Kenaka onse awiri apite pamalo pamene mbalameyo inajambulidwa, akhale phee kwa mphindi 15, aone ngati zimene ikudya zikugwirizana ndi mzere wachisanu uja. Pamene zasiyana, abwerere ku chithunzi ndi kufufuza mboni imene inawasocheretsa.